Ndalama ikadulidwa kawiri, imelo yopepesa ilembedwe motani?

Pa makina olipirira ndi khadi, vuto limayamba netiweki ikadukiza. Kasitomala walowetsa khadi, walemba nambala yake yachinsinsi, makina aima kanthawi n'kuonetsa kuti malipiro sanatheke. Wogulitsa amapempha kuti ayesenso, ndipo ulendo wachiwiri risiti lituluka. Komatu nthawi zina banki inali itadula kale ndalama poyamba paja, kungoti yankho lake silinafike pamakina. Zimachitikanso kwa olipira ndi Airtel Money kapena Mpamba: uthenga wotsimikizira ukachedwa, munthu amatumizanso poganiza kuti yoyamba sinapite.

Tiyerekeze kuti mayi wina wagona pa malo ena ogona alendo ku Mangochi, bilu yake ndi K85,000, koma mu akaunti mwake mwatuluka K170,000. Wowerengera ndalama pamalopo asanalembe chilichonse, amayamba wafananitsa malisiti a tsikulo ndi sitetimenti ya ku banki. Akapeza ndalama yofanana italowa kawiri, nthawi zake zitasiyana ndi mphindi zochepa ndipo kulipira kulikonse kuli ndi nambala yakeyake, ndiye kuti mayiwo alipiradi kawiri. Akapeza kuti yalowa kamodzi kokha, nthawi zambiri inayo yangogwiridwa ndi banki ndipo imabwerera yokha. Kuthamangira kubweza ndalama yotereyi kumaluzitsa bizinesi, chifukwa kasitomala amadzailandira kawiri.

Zikatsimikizika, imelo yake imakhala yaifupi chonchi, pansi pa mutu woti "Kubweza K85,000 yomwe tinakudulani kawiri":

"Olemekezeka Mayi, pepani kwambiri, tinakudulani ndalama kawiri. Pa 14 Malichi munalipira K85,000 nthawi ya 10:42 m'mawa, ndipo ndalama yomweyo inadulidwanso 10:44. Makina athu anaonetsa kuti kulipira koyamba sikunatheke pomwe kunali kutatheka, ndipo ife tinakupemphani kuti mulipirenso tisanafufuze. Lero tabweza K85,000 ku khadi lomwe munalipirira, ndipo risiti lake taliphatikiza pa imeloyi. Ikapanda kuoneka pofika pa 28 Malichi, chonde yankhani imelo yomweyi, tidzalondoloza tokha ku banki. Ndife anu, a ku ofesi ya zachuma."

Chiganizo choyamba chavomereza cholakwa mosazungulira. Makalata ambiri amayamba ndi mawu oti "ngati pali vuto lomwe mwakumana nalo", pomwe olembawo akudziwa kale kuti vuto lilipo. Mawu oti "ngati" amamusiya kasitomala akuona ngati akukayikiridwa. Chifukwa chake chafotokozedwa m'chiganizo chimodzi, osatchula dzina la wantchito amene anali pakauntala komanso osakankhira mlandu wonse kwa netiweki, poti kasitomala analipira malo ogonawo, osati kampani ya mafoni.

Manambala ali m'kalatamo ndi oti mayiwo ayang'ane pafoni pawo n'kuona kuti akugwirizana. Tsiku la 28 Malichi nalo laikidwa dala. Ndalama yobwezedwa kudzera pakhadi imatenga masiku angapo ogwira ntchito, nthawi zina kupitirira sabata, pomwe ya pafoni imatha kufika tsiku lomwelo. Kulemba kuti "posachedwa" kumachititsa kuti munthu aziimba foni m'mawa uliwonse, choncho wolemba wochenjera amafunsa kaye ku banki n'kuika tsiku lokhala ndi mpata.

Ndalama imabwerera njira yomwe inadzera. Kutero kumasiya umboni kumbali zonse ziwiri, komanso kumatseka mpata woti munthu wina atchule nambala ya foni yachilendo n'kulandira ndalama ya mwini. Ngati kulipira kwachiwiriko kunadya kandalama kena kotumizira, n'koyenera kuti nakonso kabwezedwe ndi kutchulidwa m'kalatamo. Kasitomala akhoza kupatsidwa mwayi woti ndalamayo isungidwe kuti adzagonere ulendo wina, koma kusankha n'kwake.

Pali zinthu zomwe siziyenera kupezekamo n'komwe. Imelo yoona sipempha nambala yachinsinsi, sipempha nambala yonse ya khadi, ndipo situmiza munthu kukadina penapake kuti alandire ndalama yake. Amalawi ambiri analandirapo uthenga wa akuba wonena kuti atumiza ndalama molakwika ndipo ibwezedwe msanga, kotero kalata yopepesa yofanana ndi uthenga wotere imakayikitsa ngakhale ili yoona.

Bizinesi ikangokhala chete, kasitomala ali ndi kokadandaula. Malawi ali ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula, ndipo nkhani zokhudza mabanki zimatha kufika ku Banki Yaikulu ya dziko lino. Kumeneko chomwe chimathandiza ndi malisiti, mauthenga a pafoni ndi imelo imene ija. N'chifukwa chake tsiku lolonjezedwa likadutsa ndalama isanafike, malo ogonawo amayenera kulemba imelo yachiwiri, yotchula nambala ya ndalama yobwezedwayo, zomwe banki yayankha ndi tsiku latsopano.