Foni Ikamawerenga Chichewa ndi Lilime la Chingerezi

Munthu wosaona akalemba pa WhatsApp kuti, "Chonde mundiyankhe m'Chingerezi," anzake ena amaganiza kuti wayamba matama. Chonsecho akucheza pamaso amalankhula Chichewa chokhachokha. Vuto lili pa chimene chimamuwerengera mauthengawo.

Mafoni a Android ali ndi pulogalamu yotchedwa TalkBack, ndipo a iPhone ali ndi VoiceOver, imene inayamba kupezeka pa mafoniwa mu 2009. Mwini foni amayendetsa chala pagalasi, foni n'kumatchula mokweza chilichonse chimene chalacho chafikapo. Akagogoda kawiri, chinthucho chimatseguka. Koma liwu limene limalankhulalo linakonzedwa motsatira malamulo a chinenero chimodzi, ndipo pa zinenero zimene munthu angasankhe pa mafoni ambiri, Chichewa palibe. Ambiri amangosiya Chingerezi.

Ndiye tiyerekeze kuti mlongo wake wamulembera kuti, "Ine ndafika kale, phala lili pa moto." Liwu la Chingerezi silidziwa kuti ichi ndi Chichewa. M'Chingerezi "e" wa kumapeto nthawi zambiri samveka, choncho "kale" amatuluka ngati "keyil". Zilembo "ph" zimasanduka "f", phala n'kukhala "fala". Mawu oyamba ndi "nd" kapena "ng'" amathyoledwa pakati, ndipo kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene kumasiyanitsa matanthauzo m'Chichewa kumatheratu. Amene anazolowera amatha kulumikiza zidutswazo n'kumva. Koma uthenga ukakhala wautali, kapena ukakhala wonena za tsiku la maliro kapena kamwedwe ka mankhwala, kungoganizira n'koopsa. Amakakamizika kubwerera m'mbuyo kuti foni imutchulire chilembo chimodzichimodzi, ntchito yodya nthawi kwambiri.

N'chifukwa chake amapempha chinenero chimene foni yake imatchula bwino. Izi sizichitika ku Malawi kokha. Amene anaika liwu la Chipwitikizi ku Tete angapemphe Chipwitikizi pa chifukwa chomwechi.

Wolemba angathandize m'njira zina zing'onozing'ono. Kusakaniza zinenero mu chiganizo chimodzi kumasokoneza, ngakhale pa foni imene imatha kusintha liwu yokha, chifukwa imafunika mawu okwanira kuti izindikire chinenerocho. Zofupikitsa ngati "zkm" m'malo mwa "zikomo" zimamveka ngati phokoso chabe. Tinkhope toseka timene timaikidwa pamapeto pa uthenga, foni imatitchula dzina, ndiye mzere wa tinkhope tosiyanasiyana ungatenge nthawi yaitali kuposa uthenga weniweniwo. Madontho ndi mipumiro nazo n'zofunika, pakuti ndi pamene liwu limapumira.

Nanga amene sadziwa kulemba Chingerezi? Ajambule mawu ake n'kutumiza. Pamenepo Chichewa chimafika bwinobwino, ngakhale kuti uthenga wa mawu umadya bandulo yambiri kuposa wolemba, komanso ndi wovuta kuufufuza pambuyo pake munthu akafuna nambala imene inatchulidwamo.