Kodi 3 Kolokoyo Ndi ya Kuti?

Mukamakonza zoimbirana foni ndi anzanu a kuntchito amene ali ku Lilongwe, Nairobi ndi London, musangolemba kuti “tilankhulana 3 koloko masana”. Lembani kuti 15:00 nthawi ya ku Lilongwe (UTC+2), kenaka muwawerengeretu enawo. Ku Nairobi idzakhala 16:00 chaka chonse.

Vuto lili ku London. Kumeneko mawotchi amawapititsa patsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, n'kuwabwezanso Lamulungu lomaliza la Okutobala, pomwe ku Malawi sitisuntha kanthu. Choncho 15:00 yathu ndi 13:00 kwawoko mu Januwale, koma 14:00 mu Julayi. Amene amalemba GMT mu Julayi, akutanthauza nthawi ya ku London, amasokoneza anzake ndi ola lathunthu, chifukwa nyengo imeneyo akugwiritsa ntchito BST. Tsikunso lilembedwe, pakuti mwezi ndiwo umauza wowerenga kusiyana kumene kulipo.