Zinthu 7 Zodabwitsa za Purosesa Zoti Mudziwe Musanauze wa ku Joni Kuti "Gulani Imeneyo"

Malaputopu ambiri amene akugwira ntchito pa Mzimba boma, ku Jenda, ku Embangweni ndi ku Edingeni sanagulidwe ali m'katoni. Ena anabwera m'chikwama cha mbale wochokera ku Joni, ena anagulidwa ogwiritsidwa kale ntchito ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Wogula nthawi zambiri amangoona chithunzi cha kapepala komatidwa pafupi ndi mabatani, n'kumva wogulitsa akutchula manambala atatu: makoo, magigahetsi ndi kashe. Manambalawa si abodza, koma lililonse likaima palokha limasocheretsa.

1. Purosesa ya 2.4 GHz inagonjetsa ya 3.8 GHz

Gigahetsi imodzi ndiye kuti koloko ya mkati mwa purosesa ikugunda ka 1 biliyoni pa sekondi. Nambalayi imangonena kuchuluka kwa kugundako, siinena kukula kwa ntchito imene imatha koloko ikagunda kamodzi. Mu 2004 kampani ya Intel inatulutsa Pentium 4 yofika 3.8 GHz, imene inkadya magetsi ambiri ndi kutentha koopsa. Mu 2006 kampani yomweyo inatulutsa Core 2 Duo E6600 ya 2.4 GHz yokha, koma pa ntchito zambiri inasiya Pentium 4 ija kutali. Inapangidwa mwatsopano kuti izimaliza malamulo ambiri pa kugunda kulikonse. Choncho magigahetsi amathandiza pokhapokha mukuyerekeza mapurosesa a banja limodzi ndiponso a m'badwo umodzi. Wogulitsa akakuonetsani laputopu ya 2012 ya 2.6 GHz n'kumanyoza ya 2017 ya 1.6 GHz, dziwani kuti akufanizira zinthu zosafanana.

2. Purosesa imodzi ili ndi maliwiro awiri, ndipo lalikululo silikhalitsa

Core i5-8250U imalembedwa 1.6 GHz, koma ntchito ikabwera imakwera mpaka 3.4 GHz. Nambala yoyamba ndi liwiro limene ingapirire nalo nthawi yaitali, yachiwiri ndi limene imafika ngati kutentha ndi magetsi zikulola. Kutsegula kalata kapena kusaka dzina m'kaundula wa ana asukulu kumatenga masekondi ochepa, ndiye ntchito zotere zimatha purosesa ikadali pa liwiro lalikulu. Ntchito ya mphindi makumi awiri ndi nkhani ina: purosesa imatentha, ndipo ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Apa m'pamene fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limalowerera. Laputopu imene yakhala zaka m'shopu yoyang'ana msewu wafumbi imakhala ndi fani yotsekeka, mpweya sutuluka bwino, ndipo purosesa yabwinobwino imayamba kuyenda ngati yotchipa. Zizindikiro zake n'zosavuta: fani ikulira osapuma, kunsi kukuwotcha, ndipo makina amene m'mawa anadzuka achangu amafooka pakatha mphindi khumi. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi kuchotsa fumbi ndi kupaka mwatsopano phala lotumiza kutentha pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa, osati kugula makina ena.

3. Makoo asanu ndi atatu sachulukitsa liwiro kasanu ndi katatu

Koo iliyonse ndi kapurosesa kapakepake mkati mwa purosesa yaikulu. Makoo amathandizana pokhapokha ntchito ikagawika, ndipo si ntchito zonse zimene zimagawika. Gene Amdahl anafotokoza malire amenewa mu 1967. Tiyerekeze ntchito ya mphindi 10 pa koo imodzi, imene theka lake liyenera kuchitika motsatizana. Makoo awiri aimaliza m'mphindi 7 ndi theka. Makoo anayi aimaliza m'mphindi 6 ndi masekondi 15. Asanu ndi atatu angotsitsako pang'ono kufika pa mphindi 5 ndi masekondi 38. Ngakhale mutaika makoo zana, simungatsike pansi pa mphindi 5. Ntchito ya mlembi wotaipa makalata a mafumu, mapulogalamu a maukwati ndi mayeso a sukulu ili m'gulu lomweli: zambiri zimadalira koo imodzi yachangu. Koma mnyamata wa pa Jenda amene amajambula maukwati ndi magule a Umthetho ku phiri la Hora, n'kumachepetsa makanema kuti akwane m'mafoni a makasitomala, ntchito yake imagawika bwino kwambiri. Ngati pa ola limodzi la ntchito mphindi 6 zokha ndi zosagawika, makoo anayi amalitsitsa kufika pa mphindi 19 ndi theka. Kwa iyeyu makoo ndi ndalama, kwa mlembi uja opitirira anayi amangokhala chete.

4. Core i5 ikhoza kuposa Core i7

Apa tiyike makina atatu patebulo, monga mmene mbale wa ku Joni angatumizire zithunzi kuti musankhe. Oyamba ndi Core i7-7500U ya mu 2016: makoo 2, liwiro 2.7 mpaka 3.5 GHz, kashe 4 MB. Achiwiri ndi Core i5-8250U ya mu 2017: makoo 4, liwiro 1.6 mpaka 3.4 GHz, kashe 6 MB. Achitatu ndi laputopu yooneka yatsopano, yopyapyala, yokhala ndi Celeron N4020 ya mu 2019: makoo 2, liwiro 1.1 mpaka 2.8 GHz, kashe 4 MB. Maso amathamangira pa i7 chifukwa cha dzina, kapena pa Celeron chifukwa cha kuwala kwa chivundikiro. Koma pa ntchito yodalira koo imodzi, i7 ndi i5 zija zimangotsala pang'ono kufanana, pamene pa ntchito yogawika i5 imapambana moonekeratu chifukwa makoo ake ndi owirikiza. Celeron ndi yaing'ono m'zaka koma ndi yotsiriza pa liwiro, pakuti makoo ake anapangidwira kusunga magetsi. Palinso china. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Core kuyambira m'badwo wa 8, kupatula ochepa kwambiri. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo imanena m'badwo: 7500U ndi wa 7, 8250U ndi wa 8. Kuyambira m'badwo wa 10 mumawerenga manambala awiri oyamba. Pa makina atatuwa, woyenera shopu yotaipa ndi kusindikiza ndi i5.

5. Nthawi yambiri purosesa imangodikira

Purosesa ndi yachangu kuposa malo onse amene imatengako zoti igwiritse ntchito. N'chifukwa chake mkati mwake muli kashe, kankhokwe kakang'ono kosungamo zimene yangogwiritsa kumene ntchito ndi zimene ikuyembekeza kuzifunanso. Kashe ili m'magawo atatu: L1 ndi yaing'onong'ono koma yachangu kwambiri, L2 ili pakati, L3 ndi yaikulu ndipo makoo onse amagawana. Tikatalikitsa nthawi kuti kutenga chinthu mu L1 kukhale sekondi imodzi, ngati kutola ndalama yachitsulo m'thumba la malaya, kutenga mu L3 kungakhale masekondi khumi ndi kanthu, mu ramu pafupifupi mphindi imodzi ndi theka, mu SSD tsiku lathunthu, ndipo mu hadi disiki yozungulira pafupifupi miyezi inayi, ngati kudikira katundu wochokera ku Joni. Mphamvu ya kashe inaonekera poyera mu 2022 pamene AMD inatulutsa Ryzen 7 5800X3D. Inali ndi makoo 8 ofanana ndi a Ryzen 7 5800X, liwiro lake linali lotsikirapo, 4.5 GHz m'malo mwa 4.7, koma L3 yake inali 96 MB m'malo mwa 32. Pa magemu ambiri inapambana. Pa ntchito zina zosadalira kashe yaikulu inatsalira pang'ono. Kwa wogula laputopu wamba, kusiyana kwa 4 MB ndi 6 MB kumathandiza, koma si chifukwa chokwanira chowonjezerera ndalama pachokha.

6. Mafoni awiri a makoo 8 akhoza kukhala osiyana kutali

Pa makatoni a mafoni otchipa m'misika ya Jenda ndi pa boma mumaona mawu akuti `Octa-core`, kutanthauza makoo 8. Funso n'lakuti ndi makoo a mtundu wanji. Helio G35 ya MediaTek ili ndi makoo 8 a Cortex-A53, onse ang'onoang'ono, ofika 2.3 GHz. Helio G85 ili ndi makoo 6 ang'onoang'ono a Cortex-A55 ndi awiri akuluakulu a Cortex-A75 ofika 2.0 GHz basi. Papepala G35 ikuoneka yothamanga, koma m'manja G85 ndiyo imatsegula msanga mapulogalamu ndi masamba a pa intaneti, chifukwa ntchito zimenezi zimagwera pa koo imodzi kapena ziwiri zamphamvu. Mwa zonse zimene tanena, foni ndiyo imaonetsa bwino kuti kuwerenga makoo ndi magigahetsi popanda kudziwa mtundu wake n'kungodzinamiza. Pezani dzina lenileni la purosesa, osati chiwerengero chokha.

7. Kawirikawiri wolakwa si purosesa

Laputopu ikamachedwa kuyaka, n'kumatenga mphindi kuti itsegule kalata, anthu amati purosesa ndi yofooka. Musanaweruze, dinani `Ctrl+Shift+Esc`, lowani pa `Performance`, ndipo gwirani ntchito yanu ya masiku onse mukuyang'ana. Ngati `Disk` yaima pa 100% pamene `CPU` ili m'munsi, vuto ndi hadi disiki yozungulira, ndipo kuikamo SSD kumasintha makinawo kuposa purosesa iliyonse imene mungalipire. Ngati `Memory` yadzaza, 4 GB yachepa, kwezani ifike 8 GB. Ngati `CPU` ili pa 100% koma `Speed` yatsika pansi pa `Base speed`, ganizirani za kutentha kapena chaja chofooka. Pa tsamba lomwelo mupeza dzina lonse la purosesa, `Cores`, `Logical processors` ndi kukula kwa kashe zonse zitatu, zimene kapepala komata sikangabise. Kwa amene amadalira sola kumidzi ya ku Mabulabo kapena Khosolo, chilembo cha kumapeto kwa dzina n'chofunikanso. Core i5-3320M ya mu 2012 inapangidwira mawati 35, pamene mapurosesa a U amene tatchula aja ndi a mawati 15, ndipo kusiyana kumeneku kumaoneka pa batire madzulo.

Ndondomeko yogulira ndi iyi. Pemphani chithunzi cha tsamba la `Performance`, osati cha chivundikiro. Werengani m'badwo choyamba, kenako makoo malinga ndi ntchito yanu: anayi akwanira ofesi, sukulu ndi shopu, ambiri ndi a wokonza makanema. Funsani ngati muli SSD ndi ramu ya 8 GB. Ngati makina ali pamaso panu, apatseni ntchito yolemera kwa mphindi 15 muone ngati liwiro likutsika. Magigahetsi ndi kashe muziyang'ane pomaliza, pamene mwatsala ndi makina awiri a m'badwo umodzi.