Kapepala ka pa buthi: zithunzi 6 zomwe zingapulumutse K200 yanu

Kucokera pa siteshoni ya mabasi mu Kafue mpaka ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, mabuthi a Airtel Money, MTN MoMo ndi Zamtel ali mbwee. Koma imani pa buthi imodzi kwa mphindi khumi cabe, mudzamva mau awa: “Mwana wanga, nitapileko, PIN ni iyi.” Foni yapita m'manja mwa munthu wina, nambala ya cinsinsi yachulidwa pagulu. Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimathawira, ndipo kapepala kolembedwa bwino kangatseke mpata umenewu.

Ngati ndinu ejenti ndipo mufuna kulemba kapepala kotere, yambani ndi kusankha nchito imodzi. Kutumiza, kuika ndi kutapa ndalama zisakhale pa pepala limodzi. Sankhani kutapa, cifukwa ndi pomwe kasitomala amalemba PIN ali pakati pa anthu. Sankhaninso netiweki imodzi, popeza njira zimasiyana. Kwina kasitomala ndiye amalemba nambala ya ejenti, kwina ejenti ndiye amayambitsa, ndipo pa foni ya kasitomala pamangobwera uthenga wopempha PIN.

Tiyerekeze kuti amai a ku Shikoswe alandira ndalama kucokera kwa mwana wao wa ku Lusaka, ndipo afuna kutapa K200. Tengani pepala la A4, muligawe m'mabokosi 6. Bokosi lililonse likhale ndi nambala yaikulu, cithunzi cimodzi ndi ciganizo cimodzi.

Bokosi 1 lionetse amai afunsa pa windo: “Muli nayo K200?” Nthawi zina ejenti amakhala alibe ndalama za m'manja, conco funso ili lidze poyamba, foni isanagwiridwe. Bokosi 2 lionetse cala pa foni ndi *115# m'zilembo zazikulu. Bokosi 3 lionetse nambala ya ejenti yomwe ili pa cikwangwani, ndi muvi wolowa mu foni, pamodzi ndi 200.

Bokosi 4 likhale lalikulu kuposa onse. Jambulani foni yoonetsa dzina ndi ndalama, pansi pake mulembe kuti: “Werengani dzina ndi ndalama musanalembe PIN.” Cala cikaterereka n'kuonjeza ziro mmodzi, 200 imasanduka 2000, ndipo apa ndi pomaliza pomwe munthu angabwerere m'mbuyo. Bokosi 5 lionetse dzanja limodzi lilemba, lina laphimba foni. Musaikepo manambala monga 1234, cifukwa wina adzaganiza kuti ndiyo PIN yoyenera kulemba. Ikani tinyenyezi tokha. Bokosi 6 lionetse uthenga wafika pa foni, amai awerenga ndalama zao ali ciimire pa windo.

Zinthu ziwiri musazisindikize. Coyamba ndi manambala a pa menyu, monga “dinani 2, kenaka 1”. Makampani amasintha menyu, ndipo kapepala kanu kadzayamba kusoceretsa anthu. Lembani liu lomwe munthu alifunefune pa foni, ndendende monga lionekera, ndi tanthauzo lake m'Cinyanja pambali. Caciwiri ndi mitengo yotapira, yomwe nayonso imasintha. M'malo mwake jambulani muvi woloza ku pepala la mitengo lomwe lili pa buthi.

Koma musaleke kunena kuti mtengowo umadulidwa mu akaunti. Amai aja ngati mu foni muli K200 yeniyeni, kutapa K200 kudzakana, cifukwa palibe yotsala yolipirira. Ambiri zikatere amaganiza kuti ejenti wawabera. Mzere umodzi pansi pa bokosi 1 ukwanira: “Mu foni mukhale yopitirira yomwe mufuna kutapa.”

Musanapite kukacita fotokope, yesani kapepalako pa anthu asanu: wogulitsa nsomba pa msika, kondakita, agogo, mwana wa sukulu, ndi wina amene sawerenga bwino. Musawafotokozere kanthu. Apatseni, ndi kunena kuti: “Niuzeniko, apa muona cani?” Wina akati dzanja la mu bokosi 5 lipereka foni kwa ejenti, cithunzico calephera, jambulaninso. Onaninso kopi yoyamba ikatuluka, cifukwa mitundu yofiira ndi yacikasu imasanduka mdima kapena kuzimiririka pa makina a inki yakuda. Mizere yokhuthala ndiyo imapirira.

Kumbuyo kwa pepala siyani malo olembapo ndi bolopeni dzina la buthi ndi nambala ya kampani yodandaulirako. Pansi pake pakhale cenjezo limodzi lokha, m'zilembo zomwe munthu angawerenge minibasi ili kudumpha m'mabampu: “PIN ndi yanu nokha. Ejenti saifuna, kampani siifunsa.”