Katemera wa Chitopa: Malichi, Julayi ndi Novembala

Chitopa, chomwe ena amati chideru, ndi matenda a nkhuku oyamba ndi kachirombo ka mtundu wa vairasi, ndipo alibe mankhwala ochiza. Nkhuku yodwala imazyolika, mapiko amagwa ngati yavala jekete, imatsegula m'mimba zobiriwira, imapuma movutikira, ndipo ina imapindika khosi. Chikalowa m'mudzi momwe nkhuku sizinalandire katemera, chimatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa. Ku Malawi chimavuta kwambiri nyengo yotentha, kuyambira cha mu Ogasiti kufika Novembala.

Katemera woyenerera nkhuku zachikuda ndi wa I-2, yemwe anayambira ku yunivesite ya Queensland ku Australia ndipo amapangidwanso ku labotale yaikulu ya zaziweto ku Lilongwe. Ubwino wake ndi woti amapirira kutentha kuposa akatemera ena, choncho amafika kumudzi kopanda firiji. Amaperekedwa pothira dontho limodzi m'diso limodzi. Mlingo ndi womwewo kwa tambala, thadzi, msoti ndi kamwanapiye kongoswedwa kumene. Wotemera amagwira nkhuku chammbali, n'kudontheza, n'kudikira kuti iphethire dontholo lilowe asanaitaye. Ikapukusa mutu dontho n'kugwa, amathiranso lina. Mazira ndi nyama ya nkhuku yotemeredwa zimadyedwa popanda vuto.

Kalendala yake ndi ya miyezi inayi inayi, ndipo ambiri amatsata Malichi, Julayi ndi Novembala. Pali zifukwa ziwiri zomwe katemera wa kamodzi pachaka sakwanira. Choyamba, chitetezo cha dontho lija chimayamba kuchepa pakatha miyezi inayi. Chachiwiri, gulu la nkhuku zakumudzi limasintha nthawi zonse: zina zimagulitsidwa kapena kuphedwera alendo, anapiye amaswedwa, zina zimabwera kuchokera kumsika. Pakapita miyezi ingapo, zambiri mwa nkhuku za pakhomo zimakhala zomwe sizinalandirepo dontho.

Pa miyezi itatuyi, wa Julayi ndiye wosayenera kuphonya. Thupi la nkhuku limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti limange chitetezo, kotero katemera wa Julayi amapeza nthawi yogwira ntchito mliri wa chilimwe usanafike. Wa Novembala amateteza nkhuku nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, pomwe zimayenda kwambiri pa njinga ndi m'misika. Wa Malichi amafikira anapiye oswedwa m'dzinja.

Banja lomwe lili ndi nkhuku 15 likatemera zonse mu Malichi, kenaka mathadzi awiri n'kuswa anapiye 18 mu Meyi, pofika Julayi limakhala ndi nkhuku zoposa 30 ngati akabawi sanadye zambiri. Anapiyewo amatengera chitetezo pang'ono kwa make kudzera m'dzira, koma chimatha m'masabata ochepa. Banjali likadumpha Julayi, chitopa cha mu Seputembala chidzapeza anapiye 18 opanda chitetezo, ndipo zazikulu zija zidzakhala zitatha miyezi 6 chilandirireni dontho. Ndalama ya madontho onsewo siifika mtengo wa nkhuku imodzi yaikulu.

Kulakwitsa komwe kumachitika kawirikawiri ndi kuthamangira katemera nkhuku zitayamba kale kufa. Kachiromboka kamakhala m'thupi masiku angapo zizindikiro zisanaoneke, ndiye nkhuku yooneka yabwinobwino ikhoza kukhala itatenga kale. Ikafa patapita masiku awiri, anthu amati waipha ndi katemera, ndipo mudzi wonse umakana ulendo wotsatira. N'chifukwa chake nkhuku yodwala sitemeredwa, ndipo wotemera salowa pakhomo pomwe pali mliri, kuopa kunyamula kachiromboka ndi manja kapena nsapato kupita nako kwa ena.

Katemerayo amafunanso chisamaliro. Kupirira kutentha sikutanthauza kuti angasiyidwe padzuwa kapena m'thumba la malaya tsiku lonse. Amasungidwa m'firiji, osati mbali youndanitsa madzi, ndipo paulendo kabotolo kamakulungidwa m'kansalu konyowa n'kuikidwa m'dengu lopita mphepo. Kakatsegulidwa, kagwiritsidwe ntchito m'masiku omwe alembedwa pa kapepala kake. Pofuna kuti madontho asatsale n'kuonongeka, mlangizi wa ziweto kapena wotemera wa m'mudzi amayamba walemba chiwerengero cha nkhuku za banja lililonse, n'kulengeza tsiku kudzera kwa amfumu. Madzulo a tsiku lapitalo eni ake amatsekera nkhuku, ngakhale zogona m'mitengo, chifukwa zikatuluka m'mawa sizigwidwanso.

Dontho la I-2 limateteza ku chitopa chokha. Nthomba ya nkhuku, njoka za m'mimba, utitiri ndi nthata zimafuna chithandizo chakechake. Nkhuku yogulidwa kapena yopatsidwa ngati mphatso isungidwe payokha masabata awiri isanasakanizidwe ndi zinzake, ndipo yofa ndi matenda ikwiriridwe mozama kapena kuotchedwa pamodzi ndi nthenga zake.