Kampani ya inshuwalansi ikatchula ndalama yochepa, ifunseni m'kalata

Galimoto yachita ngozi, kampani ya inshuwalansi yanena kuti siingakonzedwenso, ndipo ikufuna kukupatsani K6 miliyoni. Chonsecho yofanana nayo ikugulitsidwa K9 miliyoni. Musafulumire kusaina fomu yovomera ndalamazo, chifukwa mukasaina, nkhani yatha.

Kukangana pa foni sikusiya umboni. Lembani kalata yaifupi, yokhala ndi nambala ya polise yanu, ya kileimu ndi ya galimoto. Nenani kuti simunavomere ndalamazo, kenako pemphani lipoti la munthu amene anayeza galimotoyo.

Funso lalikulu ndi lakuti: mtengo wa galimotoyo ngozi isanachitike anaupeza bwanji? Atchule magalimoto amene anayerekezera nawo, chaka chake ndi makilomita amene anayenda. Zolakwika zambiri zimabisala pamenepa. Yanu ikhoza kukhala ya 2014 yoyenda makilomita 90,000, iwo n'kuyerekezera ndi ya 2011 yotheratu. Afotokozenso ndalama iliyonse imene achotsa: gawo lomwe polise imati mulipire nokha, komanso mtengo wa chiphakasa ngati akukusiyirani. Ngati akutenga chiphakasacho, asachotsenso mtengo wake.

Phatikizani malisiti a sevisi, a matayala atsopano, ndi mitengo ya magalimoto atatu ofanana ndi yanu. Apatseni masiku 14, ndipo kope lanu alidinde.

Akakhala chete kapena yankho likapanda kukukhutiritsani, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko muno.