Kodi mumadziwa kuti amokisilini sachiza chimfine?

Mankhwala opha mabakiteriya, monga amokisilini ndi penisilini, alibe mphamvu iliyonse pa chimfine kapena fuluwenza.

Bakiteriya ndi kachilombo kokhala ndi moyo pakokha, ndipo kali ndi chikuto cholimba chokateteza. Amokisilini amalepheretsa bakiteriya kumanga chikutocho, choncho bakiteriyayo amaphulika n'kufa.

Koma chimfine chimayamba ndi vairasi, yemwe alibe chikuto chotere. Iye amalowa m'maselo a m'mphuno ndi pakhosi n'kumaswana momwemo, moti mankhwalawo amasowa choti agwire.

Anthu ambiri amati makapisozi ndiwo awachiritsa, pamene thupi lokha ndilo limagonjetsa vairasiyo pakadutsa masiku 7 mpaka 10. Ngakhale mamina obiriwira si umboni wakuti pali bakiteriya.

Chodetsa nkhawa n'chakuti makapisozi omwedwa pachabewo amapha mabakiteriya othandiza m'matumbo, n'kusiya osamva mankhwala akuchulukana. Tsiku lodwala chibayo, mankhwala omwewo akhoza kulephera.

Mukamabanika, kumva kupweteka m'chifuwa, kapena thupi likatenthanso mutayamba kupezako bwino, pitani kuchipatala akakupimeni.